Ndinabwereka K4,000 pa 20 Meyi, lero akuti ndipereke K3,540: ndani walakwitsa masamu?

NaPhiri_waKapata
Abale ndithandizeni, mutu wandizungulira. Pa 20 Meyi, Lachiwiri madzulo, ndinabwereka K4,000 kwa abambo ena amene amachita kaloba pafupi ndi msika wathu. Ndinkafuna kukapikula nsawa ku Chadiza zisanakwere mtengo. Tinagwirizana kuti pa K100 iliyonse ndiziwonjezerapo K1 pa tsiku. Pa 1 Juni, nditachoka ku tchalitchi, ndinawapatsira K1,500 ndipo analemba m'kabuku kawo ine ndikuona. Lero pa 14 Juni ndapita kuti ndikamalize, ndili ndi K3,500 m'manja. Iwo akuti ayi, ndi K3,540, chifukwa masiku ndi 26. Ine ndikuwerenga ndikupeza 25. Tatsutsana mpaka ndabwerera nazo ndalamazo. Kodi K40 imeneyi ndi yawodi?

Mnyamata_waKabaza
Mayi, K40 yokha mpaka kubwerera ndi ndalama? Mawa idzakhala K80.

NaPhiri_waKapata
Achimwene, K40 ndi phindu la tsiku lathunthu kwa ine pamene msika wazizira. Komanso ndikufuna kudziwa ngati ndikulakwitsa ndine.

Agogo_aKalindawalo
Masiku ndi 26. Tengani kalendala muloze ndi chala kuyambira pa 20 Meyi mpaka pa 14 Juni, mupeza timabokosi 26. Ine ndawerenga kawiri.

Mphunzitsi_waKatete
Agogo, timabokosi mwawerenga bwino, ndi 26 ndithu. Koma chimene timalipirira si timabokosi, ndi nthawi imene ndalama yakhala m'manja mwa wobwereka. Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi kufunsa kuti ndalama yagona kangati kwa munthu. Mukabwereka Lolemba n'kubweza Lachiwiri, pa kalendala mwagunda masiku awiri, koma ndalama yagona usiku umodzi, ndiye ndi tsiku limodzi. Kunyumba yogona alendo amawerenganso chimodzimodzi, mukafika Lachisanu n'kunyamuka Lamulungu simulipira katatu.

Kwa a NaPhiri, Meyi ali ndi masiku 31. Kuchokera pa 20 kufika pa 31 ndi 11. Kuchokera pa 31 Meyi kufika pa 14 Juni ndi 14. Pamodzi 25. Tsiku lotenga ndi tsiku lobweza simuwerenga onse awiri, mumasankha limodzi. Abambowo awerenga onse, ndiye mwatuluka tsiku la 26. Pokhapokha ngati munagwirizana poyamba kuti onse awiri adzawerengedwa.

Koma mayi, ine K40 sikundidetsa nkhawa kwenikweni. Ndikuona kuti inunso mwadziwerengera ndalama zambiri. Mwapeza bwanji K3,500?

NaPhiri_waKapata
Aphunzitsi, K40 pa tsiku kwa masiku 25 ndi K1,000. Ndikaphatikiza ndi K4,000 ikukwana K5,000. Ndikachotsa K1,500 imene ndinapereka, ikutsala K3,500.

Mphunzitsi_waKatete
Ndimaganiza choncho. Ndiye ndikufunseni: kuyambira pa 1 Juni, munali mukusungabe K4,000 yawo yonse? Ayi, gawo lina munali mutabweza. Nanga mukulipiriranji K40 pa tsiku ngati kuti simunabweze kalikonse?

Chisale_Mchini
Eya, apa ndiye pali nkhani. Ndawerengera motere. Masiku 12 oyamba, K40 pa tsiku, ndi K480. Pa 1 Juni mwapereka K1,500, ngongole yatsika kufika pa K2,500. Masiku 13 otsala ndi K25 pa tsiku, K325. Ndiye K2,500 kuphatikiza K480 kuphatikiza K325, zonse K3,305. Mayi, akukudyerani K235, musapereke zoposa K3,305.

Kalaliki_Wakale
A Chisale, kudula masiku pawiri mwakhoza, 12 ndi 13. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa K1,500. Ndagwira ntchito zaka zambiri ndikulemba mabuku a ngongole, ndipo mwambo umene ndinapeza n'kuusiya ndi wakuti ndalama ikabwera pakati pa ulendo, imayamba yazimitsa chiwongoladzanja chimene chaunjikana, zotsala ndiye zimakadula ngongole yeniyeni.

Tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono. Pofika pa 1 Juni a NaPhiri anali ndi zinthu ziwiri pamutu: K4,000 imene anatenga, ndi K480 imene inabadwa m'masiku 12. Afika ndi K1,500. Wobwereketsa ayamba watenga K480 yake. M'manja mwatsala K1,020, ndipo imeneyi ndiyo ikudula K4,000. Ngongole yatsala K2,980.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse likubala K1 pa K100 ya K2,980, ndiye K29.80, osatinso K40. Masiku 13 akupereka K387.40. Ndiye lero, pa 14 Juni, chimene a NaPhiri ayenera kutula ndi K2,980 kuphatikiza K387.40, zonse K3,367.40.

Muone kuti K3,500 imene anapita nayo inali yoposa kale ndi K132.60, ndipo K3,540 ya abambowo yaposa ndi K172.60. Tsiku limene akukanganirana ndi kachigawo kochepa ka ndalama imeneyi.

Chisale_Mchini
Akuluakulu, nanga amene ananena kuti chiwongoladzanja chizidya choyamba ndani? Ndalama ndi ya a NaPhiri, akanatha kunena kuti iyi ndikudulira ngongole.

Kalaliki_Wakale
Akanatha, abambowo n'kuvomera, n'kulemba choncho. Pamenepo K3,305 yanu ikanakhala yoona. Koma pamene sipananenedwe kanthu, wobwereketsa aliyense amatenga chake choyamba, ndipo sindikuona amene angamuweruze kuti walakwa. Kusiyana kwa inu ndi ine ndi K62.40. Ine ndingalangize mayiwa kuimirira pa nambala imene munthu wina aliyense wodziwa mabuku angaivomere, kusiyana ndi kupita ndi nambala yotsikitsitsa n'kukagonja pa mfundo yaing'ono.

Chisale_Mchini
Sindinakhutire. K62.40 imeneyo ndikaiyang'ana ndi K480 itabereka kwa masiku 13. Kwa ine ndi chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja, chongolowera pakhomo lakuseri.

Kalaliki_Wakale
Nambala ikufananadi, maso anu ndi akuthwa. Koma K480 sinabereke, inalipidwa pa 1 Juni n'kutha. Chimene chinabereka ndi K480 ya ngongole yeniyeni imene inatsala yosadulidwa chifukwa ndalama inapita kwina. Tisiyane pamenepo, sitikakamizana.

Mai_Tembo_Sinda
Ine sindikumva zonsezi za masiku. Kuno kaloba ndi mwezi. Ukatenga K1,000 ubweza K1,300, kaya wabweza mawa kaya pa 30. A NaPhiri sanakwanitse mwezi, ndiye angolipira za mwezi umodzi basi, K4,000 ibwere ndi K1,200.

Mphunzitsi_waKatete
Amayi a Tembo, umenewo ndi mgwirizano wina, si umene a NaPhiri anapangana. Wawo ndi wa tsiku ndi tsiku. Ndipo wanuwo uli ndi msampha wake. K300 pa K1,000 mukaisunga masiku 30 ndi K10 pa tsiku, yofanana ndi ya a NaPhiri. Koma mukabweza pa tsiku la 10, K300 yomweyo mwailipira pa masiku 10, ndiye K30 pa tsiku, katatu. Wobweza msanga ndiye amapwetekeka. Ubwino wa ngongole ya pa tsiku ndi womwewo, kuti ukafulumira umapulumutsa ndalama. Ndiye zimandipweteka kuona munthu wafulumira kubweza gawo koma akumuwerengera ngati sanabweze.

Mai_Tembo_Sinda
Ooh, ndamva tsopano. Ine chaka chatha ndinabweza patangotha sabata ndikuganiza kuti ndikuchita bwino, K300 anatenga yonse.

Zulu_waSoya
Musanapitirire, mayi nsawazo munagula pa meda kapena pa sikelo? Chifukwa ine chaka chino ndaona mameda ena ophwanyidwa pansi dala, ukagula meda khumi pofika kunyumba ndi asanu ndi anayi.

NaPhiri_waKapata
Pa meda, koma ndimanyamula yanga. Zinali zouma bwino, sizinapepuke kwambiri.

Mnyamata_waKabaza
A Zulu, ndi masikelo omwe. Ndanyamula matumba ambiri pa njinga, thumba limene mwendo wanga ukulimva kuti ndi lolemera, sikelo ya wogula ikunena zina.

Zulu_waSoya
Ndiye muone. Wabwereka ndalama yobala tsiku lililonse, kenako muyeso ukukubera, kenako mayendedwe. Ine ndinasiya, ndimadikira chilimba.

Agogo_aKalindawalo
Chilimba chimabwera nthawi yake, nsawa sizidikira. Bwererani ku nkhani ya mwanayu, usiku ukupita ndipo ndalama ili m'nyumba mwake.

Dalitso_Navutika
Ndiloleni ndiike yanga, mwina ithandiza wina. Mlamu wanga anatenga K1,000 kwa munthu wina kuno kukomboni, nayenso K1 pa K100 pa tsiku. Anadwala, miyezi itatu inadutsa, masiku 90. Ife tinawerenga K10 pa tsiku, K900, ndiye tinakonza K1,900. Munthuyo anatulutsa foni n'kutionetsa K2,448 ndi mangwee. Tinakangana mpaka anthu anasonkhana. Mpaka lero sindidziwa kuti K548 inachokera kuti.

Kalaliki_Wakale
A Dalitso, inachokera apa. Munthuyo tsiku lililonse ankatenga chiwongoladzanja cha dzulo n'kuchiphatikiza ku ngongole, kenako n'kuwerengera pa zonse. Tsiku loyamba K10, ngongole K1,010. Tsiku lachiwiri K10.10, ngongole K1,020.10. Poyamba ndi mangwee, munthu sungaone. Pa masiku 30 kusiyana ndi K48 yokha, K1,348 m'malo mwa K1,300. Koma pa masiku 90 ndi imene munaionayo, K2,448.63. Nambala yanu ikugwirizana ndendende.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Funsani wobwereketsa kuti ndikabweza lero ndi zingati, mawa zingati, mkuja zingati. Ngati simunapereke kalikonse pakati, kusiyana kwa lero ndi mawa kuyenera kufanana ndi kwa mawa ndi mkuja. Mukaona kukukula, ngakhale ndi mangwee khumi, dziwani kuti ana ayamba kubereka adzukulu.

Abambo amene anabwereketsa a NaPhiri izi sanachite, tiwanenere zoona. Iwo akuwerenga K40 yosasintha. Cholakwa chawo ndi chakuti sinasinthe ngakhale pamene inayenera kutsika.

Dalitso_Navutika
Zikomo akuluakulu. Tinalipira K2,200 kuti nkhani ithe, ndipo mtima unkawawa chifukwa sitinkadziwa chimene tikulipirira.

Mwana_waMalamulo
Ndionjezere za lamulo, chifukwa ambiri amaganiza kuti kaloba alibe malire. Zambia ili ndi lamulo la obwereketsa ndalama, Chaputala 398. Munthu wochita bizinesi yobwereketsa ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo njira yake imadzera ku khoti la majisitireti. Mgwirizano uyenera kulembedwa ndipo wobwereka asaine. Lamulolo limakaniza kuwerengera chiwongoladzanja pamwamba pa chiwongoladzanja monga anachitira kwa mlamu wa a Dalitso. Limanenanso kuti chiwongoladzanja chikaposa 48 peresenti pa chaka, khoti liyambe ndi kuchiona ngati chopyola muyeso, pokhapokha wobwereketsa atasonyeza chifukwa chomveka.

Tsono K1 pa K100 pa tsiku imamveka yaing'ono m'khutu, koma pa chaka ndi 365 peresenti. Pa 48 peresenti, K4,000 imabala K1,920 pa chaka chonse. Mukagawa ndi masiku 365 ndi K5.26 pa tsiku, ndipo masiku 25 ndi K131.51. Yerekezani ndi K1,040 imene abambowo akufuna.

Mnyamata_waKabaza
Ndiye mayi aperekeni K131 basi!

Mwana_waMalamulo
Ayi, sindinanene choncho. Wochepetsa chiwongoladzanja ndi woweruza nkhani ikafika kukhoti, osati wobwereka payekha pa kantemba. Ndangofuna a NaPhiri adziwe kuti sakupempha chifundo, ndipo abambowo ngati ndi anzeru sangafune kuti K172 iwafikitse pamaso pa majisitireti.

Zulu_waSoya
Zamalamulo n'zabwino pa pepala. Mayiwa mwezi wamawa adzafunanso ndalama ya katundu. Kubanki adzawafunsa chikole ndi mapepala, abambowa amapereka tsiku lomwelo. Mukawaopseza ndi khoti, mwatseka chitseko, ndipo anzawo onse a kaloba amva.

Mwana_waMalamulo
Mukunena zoona a Zulu, ndipo n'chifukwa chake anthu amangolipira. Koma kuopseza ndi kuwerengetsa ndi zinthu ziwiri.

Mphunzitsi_waKatete
A NaPhiri, pali pepala lililonse? Mawu enieni amene analembedwa ndi ati? Chifukwa ngati palembedwa kuti K40 pa tsiku mpaka ngongole yonse itatha, masamu a a Kalaliki agwa, ngakhale ndi achilungamo. Ngati palembedwa K1 pa K100, ali ndi mphamvu.

NaPhiri_waKapata
Ndalipeza, linali m'chikwama cha malisiti. Ndi tsamba la kope long'ambidwa pakati, lolembedwa ndi bolopeni yofiira. Akuti: "Ndapereka K4,000 kwa NaPhiri pa 20/05. Aziwonjezera K1 pa K100 tsiku lililonse." Pansi ndinasaina ine ndi iwo. Za K40 palibe, anangonena pakamwa kuti ndiye kuti K40 pa tsiku. Za K1,500 zili m'kabuku kawo, ine ndilibe chilichonse.

Kalaliki_Wakale
Pepalalo lili kumbali yanu pa nkhani ya K29.80. K1 pa K100 ndiye kuti pa K100 iliyonse imene muli nayo ngongole. K40 inali yoona pa tsiku limene ankanena, chifukwa mahandiredi anali 40. Atatsika, nayonso inayenera kutsika. Pa nkhani ya tsiku la 26 pepala silinena kanthu, ndiye mudalira kugona kwa ndalama kumene aphunzitsi afotokoza, komanso kuti munatenga madzulo.

Chimene chikundiopsa ndi K1,500 yopanda umboni m'manja mwanu. Musanatsutsane nawo china chilichonse, apempheni mwaulemu atsegule kabukuko, mujambule tsambalo ndi foni.

Ndipo mnyamata wa kabaza uja ananena zoona pachiyambi. Ndalama ikagona kwa inu usiku uno, mawa ndi tsiku lina, K29.80 kwa ife, K40 kwa iwo. Mkangano suimitsa masiku, ngakhale Lamulungu limawerengedwa. Tumizani K3,367.40 pa foni usiku uno isanakwane 24 koloko, muonjezere ndalama yotapira kuti asadzati inafika yoperewera. Uthenga wa pa foni uli ndi tsiku ndi nthawi, umenewo ndiwo umboni wanu. Zotsalazo mukakambirane mulibe ndalama yawo m'nyumba.

Thoko_Kompyuta
Kwa amene muli ndi Excel kapena Google Sheets pa foni, masiku musawerenge ndi chala. Lembani tsiku lotenga mu A1, tsiku lobweza mu A2, ngongole mu A3, kenako:

```
=A2-A1
=A3*0.01*(A2-A1)
```

Mzere woyamba ukupatsani 25 pa masiku a a NaPhiri, chifukwa kuchotsera kumawerenga mbali imodzi yokha. Mukalipira pakati, yambani mzere watsopano ndi ngongole yotsala. Chenjerani ndi kalembedwe ka tsiku, mafoni ena 01/06 amaiwerenga ngati 6 Januwale.

Agogo_aKalindawalo
Ine ndikadali ndi chala changa ndi kalendala ya kutchalitchi, koma ndavomera, bokosi loyamba ndizilidumpha. Komabe ndifunse: munthu akatenga m'mawa n'kubweza madzulo a tsiku lomwelo, ndalama sinagone. Salipira kanthu?

Mphunzitsi_waKatete
Funso labwino agogo. Mwa kuwerenga kwanga ndi ziro, koma palibe wa kaloba angavomere, ndipo sindingamudzudzule. Azimayi ogula tomato m'mawa n'kubweza madzulo amalipira tsiku limodzi. Ndikuganiza kuti chizolowezi chowerenga masiku onse awiri chinachokera kumeneko, kenako n'kumachigwiritsa ntchito ngakhale pa ngongole ya masabata atatu. Chofunika n'kugwirizana musanatenge, kuti tsiku loyamba kuwerenga ndi liti, n'kulilemba pa pepala ndi deti lake.

Chisale_Mchini
Ndipo alembenso kuti ndalama yapakati idzayamba kudula chiyani. Ine pa K62.40 ndikadali pomwepo.

NaPhiri_waKapata
Ndatumiza nthawi ya 21:40, K3,367.40 ndi yotapira pamwamba. Ndawaimbira, ayankha kuti aona, tikambirana Lolemba.

Mai_Tembo_Sinda
Mupite ndi munthu wina, musapite nokha.

NaPhiri_waKapata
Abale, ndabwerako. Ndinapita ndi amayi amene amatitsogolera pa mzere wathu wa nsawa ndi nyemba. Kabuku anatsegula osavuta, K1,500 ilimo pa 1 Juni, ndajambula. Za tsiku la 26 agonja msanga, akuti poti ndinatenga dzuwa litapendeka, alichotsa. Avomeranso kuti masiku anaima Loweruka pamene ndalama inalowa pa foni yawo.

Koma pa K29.80 akana. Akuti iwo chiyambire sanawerengepo choncho, ndalama yapakati amangoisunga n'kudzaichotsa kumapeto, ndipo onse amene amabwereka kwa iwo amadziwa. Ndinawaonetsa pepala la bolopeni yofiira, n'kuwafunsa kuti K1,500 yanga imene anakhala nayo masiku 13 sanaibwereketse kwa wina? Anakhala chete pang'ono, kenako anati zimenezo ndi zawo. Akufunabe K132.60 kuti ikwane K3,500. Amayi aja apempha kuti tigawane pakati, ine K66.30, iwo asiye K66.30. Abambowo akuti aganiza, ayankha Lachinayi. Sindinapereke kalikonse.

Kalaliki_Wakale
Lachinayi musanatulutse ngwee, alembe pa pepala lomwelo kuti K132.60 imene mukukanganirana siikubala chiwongoladzanja. Ndipo mukamaliza, alembe kuti ngongole yatha, asaine, pepalalo likhale kwa inu.

Zulu_waSoya
Ine ndikanapereka K66 n'kusunga ubale.

Chisale_Mchini
Ine ayi. Mayi, Lachinayi mutiuze.